Seva Ziwiri, Disiki Imodzi

Kuchokera ku Cóbuè mpaka ku Meponda palibe wina amene angasamutse kompyuta ikugwira ntchito, wolembapo osadziwa kanthu, koma ine Germano. Ku univesite sindinapondeko. Ndinayamba ndi mawailesi pa msika wa Lichinga, bambo atangobwera nafe kuchokera ku Nkhata Bay nkhondo itatha. Ndinakonza mafoni ku Nampula, ndinakoka zingwe m'maofesi a ku Beira, ku Joni ndinagona pansi m'chipinda cha maseva miyezi isanu ndi itatu mpaka mwini wake anandipatsa makiyi. Ku Dar ndinaphunzitsa anthu a madigiri awo. Chimene ndikunenachi ndinachichita Lachitatu lina mu Okutobala, pa chipatala cha bungwe lina kumpoto kwa Metangula, masana, anthu akuona.

Kachipinda ka kuseri kwa farmasiya ndinakakonza ndine zaka zinayi zapitazo. Muli seva ziwiri, makompyuta akuluakulu otumikira ena, ina pamwamba pa inzake, ndipo pansi pake pali bokosi la madisiki. Kompyuta imene imasunga kaundula wa odwala ilibe thupi lakelake. Imakhala m'memori ya seva yoyamba ngati mlendo wa lendi, koma disiki yake ili m'bokosi muja, ndipo bokosilo seva zonse ziwiri zimaliona kudzera pa chingwe. Pachipatala amangoitcha makina a farmasiya. Munthu akatenga mankhwala otalikitsa moyo, mana Aida (kuno achemwali timati mana), amene amagawa mankhwalawo, amalemba m'makinamo tsiku limene watenga ndi limene adzabwerenso. Lolemba lililonse m'mawa makinawo amatulutsa mndandanda wa amene tsiku lawo ladutsa osabwera, ndipo a Luis amakwera njinga kukawafuna kunyumba kwawo. Njinga ya a Luis imadziwika kuyambira ku Chiwanga mpaka kuseri kwa Msumba. Ikaima pakhomo pa munthu, oyandikana naye safunsa kuti a Luis abwera ndi nkhani yanji.

Tsikulo anandiitana ndi a Timoteo, a shefe, kutanthauza mkulu wa chipatalacho. Fani ya seva yoyamba inali ikulira ngati injini ya boti yopanda oilo, ndipo kutentha kwa Okutobala kunali kutalowa kale m'kachipindamo.

"Tizimitse nthawi ya chakudya," anatero a Timoteo. "Mphindi makumi awiri anthu adikira."

"A shefe, mwaitana Germano kuti azimitse makina? Zimenezo ngakhale mlonda angachite."

"Ayamba za ku Dar zija," anatero Aida pawindo, osatembenuka. "Tiyi wanga azizira."

"Mana, lembanibe. Ndichotsa makina anu m'seva iyi, ndiwaika mu iyo, inu mukulemba. Mukaona chilichonse, tiyi wa mwezi wonse ndikugulirani ndine."

"Ndikaona chilichonse mukhala pa benchi ndi odwala."

Panja panali anthu oposa makumi anayi. Ena anabwera wapansi, ena pa boti limene limabwerera ku Meluluca masana.

Ntchito imeneyi siyambira pa kusamutsa. Ndinayamba ndaona ngati seva yachiwiri ikuliona bokosi la madisiki pa dzina ndi malo omwewo ngati yoyamba, chifukwa disiki siisamuka, chimasamuka ndi chimene chili m'memori basi. Inkaliona. Purosesa ya seva yachiwiri, ubongo wake, ndi yakale pang'ono, ndipo makina amene anazolowera luso la purosesa yatsopano sangatere pa yakale ali moyo. Ichi ndinachiganizira kale pomanga: ndinawauza makinawo kuti azigwiritsa zokhazo zimene mapurosesa onse awiri ali nazo. Dzina la netiweki linali limodzi uku ndi uku. Memori inalipo yokwanira. Zolembedwa zinkapita molunjika ku disiki, osatsalira m'memori ya seva. Ndinapeza kachinthu kamodzi: CD yonamizira imene ndinaiwala m'makinamo chaka chatha, fayilo yake ili pa seva yoyamba yokha. Ikanakaniza ulendo wonse. Ndinaichotsa.

Ndiye ndinalamula kuti ayambe.

Memori imakopedwa makina akugwirabe ntchito. Ulendo woyamba umatenga zonse. Koma pamene ukukopa, makina akusintha zina zimene wakopa kale, ndiye umabwerera kukatenga zosinthazo, kenako zosintha za zosinthazo, mpaka zitatsala zochepa kwambiri. Apo makina amaima kanthawi kosakwana kuphethira, zotsalazo n'kuwoloka, n'kudzukira mbali inayo. Koma tsikulo zotsala sizinkachepa. Zinkatsika, n'kukweranso. Mphindi khumi zinatha.

"Ndani akuchita chachikulu m'makinamu?"

"Ine ndikutulutsa lipoti la miyezi itatu," anatero a Timoteo ali mu ofesi yawo. "Lalakwa chiyani?"

"Likusintha memori msanga kuposa mmene chingwe chinganyamulire. Tikukapa madzi m'bwato lobooka. Liimitseni kaye."

Analiimitsa akung'ung'udza. Zotsala zinatsika, n'kutsikabe. Makina anaima gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, anadzukira pa seva yachiwiri, n'kudziwitsa switchi, kabokosi kolumikiza zingwe zonse, kuti tsopano ali pa chingwe china. Ndinatuluka n'kukaima kumbuyo kwa Aida. Anali akulemba tsiku la mayi wina wa mwana kumbuyo.

"Muyamba liti?" anafunsa.

"Ndatha."

Anayang'ana sikirini, anayang'ana ine. "Bodza."

Ndinapita kukazimitsa seva yoyamba iye akuona pakhomo. Fani inasiya kulira. Sikirini yake sinagwedezeke. A Timoteo anaseka, Aida anati tiyi ndimugulirabe ndine chifukwa chomusokosa. Mpaka apa palibe chimene ndingasinthe pa nkhaniyi.

Ndinamasula seva yoyamba, ndinaika fani yatsopano, ndinapukuta fumbi, ndinabwezeretsa zingwe zonse. Ndinaiyatsa. Fani inazungulira mwakachetechete. Ndinatseka kachipindako n'kupita kuseri kwa mpanda kukagula usipa wokazinga, ndipo kumeneko ndinapeza mnzanga wa ku Nampula pa foni, ndinamufotokozera zonse, kawiri. Ndinakhalako mphindi makumi anayi.

Pobwera ndinapeza mzere sukuyenda.

"A Germano, munthu ndamulemba pompano, ndikamufuna palibe," anatero Aida. "Ndikafunanso, alipo. Kenako yanditulutsa, ikuti ndilowenso."

"Ndi netiweki imeneyo."

"Ndi kachitatu."

Ndinalowa m'kachipinda muja. Pa seva yachiwiri makina a farmasiya ankagwira ntchito. Ndinayang'ana pa seva yoyamba. Makina a farmasiya ankagwiranso ntchito.

Ndinakhala pa katoni ya mapepala. Ndikukumbuka kuti m'dzanja ndinali ndidakali ndi kapepala ka usipa, ndipo ndinakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba.

Zinthu ziwiri zinachita zimenezi, ndipo zonse ndinaziika ndine, ndi manja anga, pofuna kuthandiza. Kuno magetsi amazima kawirikawiri, nthawi zina mpaka mabatire kutheratu, ndipo ine ndimakhala ku Lichinga. Ndiye chaka choyamba ndinailamula seva yoyamba kuti ikangoyaka izidzutsa makina a farmasiya yokha, osadikira munthu. Posamutsa muja sindinafufute dzina la makinawo pa seva yoyamba. Linatsala pomwepo, pamodzi ndi lamulo lake lija. Seva itayaka inachita zimene ndinaiuza.

Ngakhale zinali choncho, ikanakanizidwa. Pali loko amene seva imaika pa disiki kuti inzake idziwe kuti disikiyo ili ndi mwini. Koma chaka choyamba chomwecho, magetsi akazima mwadzidzidzi, loko ankatsala wotseka, makina n'kukana kudzuka, a Timoteo n'kumandiimbira ndili pa maliro kapena pa chapa, minibasi ya kuno. Ndinatopa nazo. Pa mzere umene seva zimalumikizira bokosi la madisiki ndinawonjezera liwu limodzi, nolock. Kuyambira tsikulo seva iliyonse inkadziwa loko wake wokha, osaona wa inzake. Mafoni anasiya. Ndinkazinena ngati chimodzi mwa nzeru zanga.

Choncho kwa mphindi makumi anayi makina awiri, aliyense akudziyesa yekha, ankalemba pa disiki imodzi. Uyu akaona malo opanda kanthu n'kulembapo, uyonso ankawaona opanda kanthu n'kulembapo zake. Pa netiweki anali ndi adiresi imodzi, ndiye switchi inkatumiza Aida uku, kenako uko.

Ndinazula chingwe cha magetsi cha seva yoyamba. Ndinaimitsa makina a pa yachiwiri. Sindinathamange. Ndinakopera disikiyo padera kaye, kenako ndinayesa kuikonza. Pulogalamu yokonza inandifunsa mafunso mazanamazana, lililonse ngati ichotse chakuti, ndipo ndinkangovomera. Itatha makina anadzuka koma kaundula anakana kutseguka. Makope a tsiku ndi tsiku ndinkawasunga pa disiki yomweyo. La Lachiwiri linatseguka theka. La Lolemba linali ndi zinyalala pakati. Kope labwino linali pa disiki ya m'kabati ya a Timoteo, imene amailumikiza Lamlungu lililonse akachoka ku tchalitchi.

Panja Aida anali atayamba kale kugawa ndi mapepala okha, kuti a boti asatsale. Ndinamva akuitana manambala. Ndinadikira mpaka mzere utatha, kenako ndinawaitana onse awiri.

"Za Lolemba, Lachiwiri ndi lero zapita," ndinatero. "Tibwerera pa Lamlungu."

"Zapita kuti?" anafunsa a Timoteo.

"Zafufutika. Ndalakwitsa ndine."

Ndinawafotokozera za seva yodzidzutsa ndi za loko. A Timoteo anamvetsera akuyang'ana pansi. Sanakalipe. Anangoti, "Mphindi makumi awiri zija."

Aida ankawerenga pa zala. "Ndiye onse amene atenga mankhwala masiku atatuwa, makina aziti sanabwere."

"Inde."

"Lolemba atuluka pa mndandanda."

"Tingaimitse mndandanda sabata imodzi," ndinatero.

"Ayi," anatero a Timoteo. "Alipo amene sanabweredi. Amenewo sabata ina ndi yaitali. Ndipo mndandanda umapitanso wokha kwa akuluakulu a zaumoyo ku distritu, sindingaubweze."

"Muli amayi awiri a ku Chiwanga m'masiku amenewa amene amuna awo sadziwa," anatero Aida. Sanakweze mawu. "Muli mphunzitsi. Muli mmodzi amene amadutsa zipatala ziwiri kuti adzatengere kuno. Ndinawauza ine kuti mukamabwera pa tsiku lanu njinga sidzafika kwanu."

Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma. Inali ya kampani ya simenti ndipo Okutobala anali ndi chithunzi cha mlatho.

"Mapepala alipo?" ndinafunsa.

Aida anatsegula kabati ya m'farmasiya. Munthu aliyense amabwera pawindo ndi kapepala ka namwino, kong'ambidwa m'buku la manambala otsatana, kokhala ndi nambala ya wodwala, mankhwala ndi miyezi. Aida akalemba m'makina amakabaya pa msomali. Msomali ukadzaza amakhuthulira m'katoni. Katoniyo inali ndi mapepala a miyezi iwiri, osakanikirana.

"Ine sindilemba kawiri," anatero. "Zala izi zinalemba kale. Mulemba ndinu, ine ndiziwerenga."

"Chabwino."

"Ndipo maina simuona. Nambala basi."

Madzulo a tsikulo ndinabwezeretsa kope la Lamlungu pa seva yachiwiri. Ndinafufuta dzina la makinawo pa seva yoyamba ndisanailumikizenso. Ndinachotsa liwu lija pa seva zonse ziwiri, ndinayesa kudzutsa makina kawiri dala, ndipo kuyesa kwachiwiriko kunakanizidwa monga ziyenera. Ndinauza a Timoteo kuti magetsi akadzazima moipa mwina loko adzatsalanso wotseka, ndipo adzayenera kundiimbira.

"Ndidzaimba," anatero. "Mudzayankhe."

Ndinatenga chipinda pa nyumba ya alendo ku Chiwanga. Mwini wake amandidziwa, anandifunsa za ku Joni monga mwa nthawi zonse. Ndinati kuli bwino. Anadikira zina, kenako anapita kukatunga madzi.

Lachinayi ndi Lachisanu chipatala chinagwira ntchito, ndipo makina sanavute. M'mawa ndinkakhala pa benchi ya kuseri ndi katoni ija, mapepala ataphimbidwa ndi chitenje cha Aida, ndikusankha a masiku atatu aja potsata deti. Anthu ankadutsa n'kundilonjera, ine n'kuyankha. A Luis anabwera kudzapopa njinga, anandiyang'ana, anati, "Akulu, mwayamba ntchito ya ukalaliki?" Ndinati inde. Mzere ukatha cha m'ma 3 koloko tinkakhala pawindo, Aida kumanzere ndi mapepala, ine pa kiyibodi. Ankawerenga nambala, ine n'kulemba. Dzina likamatuluka pamwamba pa sikirini linkabisika ndi kachidutswa ka katoni kamene iye anamatapo ndi pulasitala. Ankasuzumira kunsi kwake, n'kuti, "Ndi yemweyo." Kenako deti lakale, mankhwala, miyezi, tsiku lobweranso. Munthu mmodzi ankatenga mphindi zitatu, zolemba za namwino zikavuta zisanu.

"Ku Dar munkalemba ndi zala ziwiri chonchi?" anafunsa Lachisanu.

"Ku Dar sindinkalemba."

"Zikuoneka."

Panalibe china chimene tinakambirana. Ndinkamva njala nthawi yake ikakwana, ndinkadya, ndinkagona. Mnzanga wa ku Nampula anaimba kawiri, sindinayankhe.

Loweruka tinayamba m'mawa, chipatala chili chotseka. Pofika masana msomali unali utadzaza ndipo patebulo panalibe pepala. Aida anasanja onse potsata manambala a m'buku. Loyamba la Lolemba linali 2208. Lomaliza la Lachitatu linali 2350. Anawerenga kawiri.

"Likusowa limodzi. 2291."

Tinakhuthula katoni yonse pansi. Tinayang'ana kuseri kwa kabati, m'dengu la zinyalala, m'matumba a gauni yake. Panalibe.

"Mwina namwino analakwitsa n'kulitaya," ndinatero.

"Akalakwitsa amalemba mzere n'kundipatsa. Silitayidwa."

Anatenga 2290 ndi 2292 n'kuwaika patebulo moyandikana. Onse anali a Lachiwiri. Anasuzumira maina awo kunsi kwa kakatoni kaja, n'kuyang'ana pawindo, pamene pamaima anthu.

"Uyu anabwera ndi mwana wodwala maso," anatero, akugwira loyamba. "Uyu ndi wa chipewa chofiira. Pakati pawo..." Anatseka maso. "Mvula ya mphepo ija inayamba nthawi imeneyo, mapepala anauluka. Panali bambo amene amakhuthulira mapiritsi m'kachitini ka fodya, botolo n'kundisiyira. Safuna kuyenda ndi botolo. Anakulunga kachitiniko."

"Ndi pepalalo?"

"Ndinamuona akukulunga. Sindinaganize."

"Nambala yake mukuidziwa?"

"Ndikudziwa dzina. Dzukani."

Ndinadzuka.

"Tembenukani. Yang'anani khoma."

Ndinayang'ana khoma. Ndinamva akukoka mpando, akulemba pang'onopang'ono, akuima, akulembanso. Pa khomalo panali mng'alu wochokera pa denga mpaka pa soketi, ndipo nyerere zinkatsika mu mng'aluwo. Ndinaziyang'ana mpaka atanena kuti basi.

A Timoteo anabwera cha m'ma 2 koloko atavala malaya a kwaya. Tinawapempha kuti atulutse mndandanda woyeserera, monga udzatulukire Lolemba. Unatuluka tsamba limodzi losadzaza. Aida anauwerenga ndi chala, dzina ndi dzina, ine ndili pakhomo.

"Khumi ndi mmodzi," anatero. "Onsewa sanabweredi."

A Timoteo anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya. Ananditembenukira.

"Munatitayira angati?"

"143."

"Mwabweza angati?"

"142. Mmodzi wabweza ndi mana Aida."

"Mulembeni kwa a Germano," anatero Aida, akubaya mapepala omaliza pa msomali. "Ine ndangowabwereketsa zala. Ndi 143."